Mukasintha chovala pa selefi ya pagalasi, musaiwale malo ena amene chikuonekera

Ambiri amene timagulitsa zovala pa sitetasi timadziwa mmene zimakhalira, diresi limodzi labwera mitundu itatu kapena inayi koma nthawi yovala lililonse nkumajambula palibe, ndiye munthu umangovala limodzi nkuima pagalasi la wadiropu, kujambula, kenako mitundu inayo nkuisintha pa foni kapena pa laputopu. Palibe cholakwika ngati mitunduyo mulidi nayo m'chikwama. Koma chimene chimaononga zithunzi zoterezi si diresi lenilenilo ayi, diresi anthu amalisintha bwino ndithu. Vuto ndi loti chovala chimodzi m'chipinda chimaoneka malo angapo, pagalasi, pamatailosi, pa tivi yozimitsa kumbuyo, ngakhale pakhungu panu, ndiye inu mwasintha malo amodzi okha. Kasitomala mwina sangathe kuloza kuti cholakwika ndi ichi koma maso ake amaona kuti pali china chake sichikugwirizana, ndipo akangokayika chithunzi amakayikanso katunduyo.

Ndifotokoza ndi chitsanzo chimodzi kuti tiyendere limodzi. Mwavala diresi la buluu wowala uja, mwaima mita imodzi ndi theka kuchokera pagalasi, zenera lili kumanzere kwanu, pansi pali matailosi osalala a kirimu, kumbuyo kwanu kuli tivi yozimitsa komanso ndowa ya buluu pakona. Mukufuna diresi lija likhale la maruni. Mayina a mabatani ndiwatchula mmene alili mu Photoshop, koma Photopea imene imatseguka pa intaneti ulele ili ndi zofanana pafupifupi zonse ndipo imatheka pafoni, ngakhale kuti pasikirini yaing'ono zala zimavutika.

Musanakhudze chilichonse, werengani malo

Tsegulani chithunzi chija nkuchikuza, muyende nacho kuyambira pakona imodzi mpaka ina mukufunafuna buluu. Izi zichiteni musanayambe kuedita chifukwa mukangoyamba maso amakakamira pa diresi basi, zina zonse saziona.

Poyamba pali diresi lalikulu la pakati pagalasi, ili aliyense amaliona. Kenako yang'anani pansi, matailosi osalala amabweza chithunzithunzi cha m'munsi mwa diresi, ndipo chimaoneka kwambiri ngati foni munaigwira chotsika, chifukwa chinthu chosalala chimabweza kuwala kwambiri mukachiyang'ana chopendekera kusiyana ndi kuchiyang'ana molunjika kuchokera pamwamba. Pa tivi yozimitsa ija mupezapo msana wanu, wakuda komanso wosaoneka bwino, koma buluu alipo. Magalasi a zenera nawonso amachita chimodzimodzi makamaka madzulo kunja kukada babu akayaka. Kumbuyo kwa foni ngati kava yake ndi yonyezimira, wotchi, mandala a m'maso, chitseko cha wadiropu chopaka vanishi, zonsezi zionedwe. Ngati galasi lanu ndi lija losemedwa m'mphepete, kamzere kopendekera kaja kamabwereza kachidutswa ka diresi pakokha, ndipo ngati ndi tebulo lodzikonzerapo la magalasi atatu ndiye kuti muli ndi madiresi atatu oti musinthe osati limodzi. Nthawi zina mkono weniweni wa chovala umalowanso m'mphepete mwa chithunzi ngati munaima pafupi kwambiri mkono nkuutambasula.

Pali kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Galasi la m'nyumba chonyezimira chake chili kuseri, ndiye kuwala kumadutsa kaye m'galasimo, koma kutsogolo kwa galasi nakonso kumabweza pang'ono, pafupifupi 4 pa 100 alionse. Nchifukwa chake mukakuza kwambiri m'mphepete mwa chovala chowala chimene kumbuyo kwake kuli mdima mumaona kamzere kachiwiri kofooka kakutsatira m'mbali. Galasi likakhala lochindikala kapena mukajambula chammbali kamzereka kamatalikirana kwambiri ndi diresi. Mukasintha diresi kukhala maruni kamzereko nkukasiya ka buluu, munthu amaoneka ngati wadulidwa ndi sizasi nkumatidwa.

Kusintha mtundu: leya imodzi igwire malo onse

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi ambiri. Anthu amayamba ndi kudula diresi mozungulira ndi Lasso kapena Quick Selection kenako nkusintha mtundu mkati mwa chodulidwacho. Mukatero mwatsekera kale kunja matailosi, tivi ndi kamzere kaja, ndiye mudzavutika kuzisintha chimodzichimodzi ndipo mitundu yake sidzafanana. Njira yabwino ndi kuuza pulogalamu kuti buluu yense m'chithunzi muno asinthe, kenako inu nkuchotsamo zinthu zimene sizikuyenera kusintha.

Pitani pa Layer, New Adjustment Layer, Hue/Saturation, izi zikupatsani leya, imene ili ngati pepala loonekera loyalidwa pamwamba pa chithunzi chanu. Pamene palembedwa Master sinthani musankhe Blues. Tsopano kokani Hue kupita kumanja mpaka cha pa +120. Chifukwa chake nchakuti mitundu inaikidwa mozungulira madigiri 360, buluu wa diresi ngati ili amakhala cha pa 220 mpaka 230, ndiye mukaonjezera 120 mukufika cha pa 345 pamene pali chofiira chopita ku maruni. Tsitsani Lightness pang'ono, mwina -15 kapena -20, osapitirira kwambiri chifukwa mapindo a nsalu amayamba kufafanizika diresi nkuoneka lathyathyathya.

Mukatero muona diresi lasintha koma mwina lili ndi mawanga, mbali imene yayang'ana kuzenera yatsala ya buluu wotuwa kapena yasanduka pepo. Izi zimachitika chifukwa pamene kuwala kwamenya kwambiri buluu amapendekera ku mtundu umene pulogalamu imautcha Cyans, ndiye Blues sakufikako. Pansi pa kabokosi ka Hue/Saturation pali mizere iwiri ya mitundu ndipo pakati pake pali tizogwirira, kokani ta kumanzere kuti mpata ukule mpaka mawanga aja atatha. Kokani pang'onopang'ono mukuyang'ana diresi, mukaona masamba a kunja kwa zenera kapena chinthu chobiriwira chayamba kusintha ndiye kuti mwapitirira, bwererani.

Tsopano yang'anani pansi. Chithunzithunzi cha pamatailosi chasintha chokha, ndipo matailosi akadali a kirimu chifukwa mwa iwo mulibe buluu. Pa tivi napo pasintha, pakadali pakuda mmene panalili koma ndi maruni. Kamzere ka m'mphepete kasinthanso. Ubwino wake ndi umenewu, kulikonse kwasuntha ndi mlingo umodzi ndipo kuwala kapena kuda kwa malo alionse kwatsala pafupifupi mmene kamera inakujambulira, inu simunayerekeze chilichonse pamanja.

Koma ndowa ija nayo yasanduka maruni, mwinanso thambo la pazenera. Dinani pa masiki, kabokosi koyera ka pambali pa leya ija kamene kamabisa kusintha paliponse pamene mwapenta zakuda, tengani Brush yakuda, pentani pa ndowa kuti ibwerere ku buluu. Ndipo apa samalani, ndowa nayo ili ndi chithunzithunzi chake pamatailosi, chipenteninso, apo ayi mukhala ndi ndowa ya buluu yokhala pa chithunzithunzi chofiira, vuto lomwe lija koma lasamukira pakona.

Amene muli ndi Lightroom pafoni, Color Mix imagwira ntchito mwanjira yomweyi yosintha mtundu m'chithunzi chonse, kungoti siisuntha patali, buluu ingamupititse ku pepo kapena ku buluu wobiriwirira koma ku maruni siifika.

Kuwala kumene chovala chimaponya pakhungu

Ichi ndiye chovuta ndipo ndi chimene chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongothamangira. Nsalu yowala imaponya mtundu wake pa zinthu zoyandikana nayo, pansi pa chibwano, mkati mwa mikono, pa dzanja limene lagwira m'chiuno, pakhoma loyera ngati mwaima pafupi nalo. Pakhoma loyera leya ija imagwira yokha nthawi zambiri chifukwa buluu wake amaonekadi buluu. Pakhungu lathu lakuderali ayi, buluu akagwera pamenepo saoneka buluu, amangopangitsa khungu kuoneka lotuwa ngati lambuu, ndiye Blues samalizindikira. Zotsatira zake munthu wavala maruni koma pansi pa chibwano pali potuwa mozizira, pamene maruni weniweni akanapatsa pamenepo kufiirira kotentha.

Pangani leya yatsopano yopanda kanthu, pa mndandanda wolembedwa Normal sankhani Color. Tengani mtundu kuchokera pa diresi latsopanolo ndi Eyedropper, Brush ikhale yofewa, Opacity cha pa 10%, ndiye pitani kamodzi kapena kawiri pansi pa chibwano ndi mkati mwa mikono mbali imene yayang'ana diresi. Osapenta nkhope yonse ayi, malo okhawo amene nsalu ikanatha kuwalirapo. Zimitsani leyayo nkuiyatsanso muone kusiyana, ngati kusinthako kukuonekera patali ndiye kuti mwachulutsa, kuyenera kukhala koti munthu amene sanauzidwe sangakuloze.

Njira imeneyi ili ndi malire ake ndipo ndi bwino kuwadziwa musanataye madzulo onse. Diresi lakuda bii silingasanduke loyera, mapindo ake kamera sinawagwire mokwanira ndipo chovala choyera chimawalitsa chipinda, pamatailosi chimaoneka kwambiri, zinthu zimene m'chithunzi chanucho mulibe. Loyera kapena lakuda Hue siligwira nkomwe chifukwa mulibe mtundu woti usunthe. Lofiira, la olenji kapena la bulauni limasintha pamodzi ndi khungu lanu chifukwa mitundu yake ndi yoyandikana. Choncho ngati mukudziwa kuti mudzasintha mitundu, valani la buluu kapena lobiriwira pojambula, amenewa ali kutali ndi khungu. Chitenje cha maluwa ambirimbiri ndiye musavutike nacho, chivaleni mujambule.

Pamene chovala chonse chikusintha

Tsopano tinene kuti si mtundu wokha, mukufuna nkhope ndi kaimidwe ka chithunzi choyamba koma chovala china, kapena mukupanga zija theka yunifolomu theka zovala za ku ukwati. Apa musayese kujambula chithunzithunzi pamanja, jambulani zithunzi ziwiri pamalo amodzi kuti chithunzithunzi chilichonse chikhale chenicheni.

Matani tepi pansi pamene pali zala za mapazi anu. Matani kenanso kakang'ono pagalasi pamene kamera ya foni ikuonekera mukaima bwinobwino, kuti pobwerera foni idzakhale pamsinkhu womwewo, kameneka mudzakafufuta ndi Spot Healing Brush pomaliza. Foni igwireni ndi dzanja lomwelo. Dinani nthawi yaitali pasikirini mpaka ilembe AE/AF Lock kapena ionetse kaloko, mafoni ambiri amatero, ndipo ngati ya inu ili ndi Pro mode ndiye bwino kwambiri, ikani pamanja ISO, liwiro la shata ndi WB imene imakonza mtundu wa kuwala. Chifukwa chake nchakuti kamera ikaona chovala choyera imadetsa chithunzi chonse ndipo ikaona chakuda imawalitsa, ndiye khoma limodzi lomwelo limatuluka mitundu iwiri. Loko ija imachoka mukatseka kamera ndiye isiyeni yotsegula pamene mukusintha zovala, ndipo fulumirani dzuwa lisanasunthe kapena magetsi asanathime.

Ikani chithunzi chachiwiri pamwamba pa choyamba, tsitsani Opacity kufika 50% kuti muone zonse ziwiri, sunthani ndi Ctrl+T mpaka mapewa ndi khosi zitakumana. Bwezerani ku 100%, ikani masiki, dinani Ctrl+I kuti ide yonse, kenako ndi Brush yoyera tsegulani chovala chatsopano. Mukamaliza chovala musaime, pitirizani kutsegula pamatailosi, pa tivi, m'mphepete mwa galasi ndi malo onse amene munawerenga poyamba paja. Ine ndimatsegula pansi ponse kuyambira m'mawondo kutsika kuchokera m'chithunzi chachiwiri, mapazi ndi mthunzi womwe, chifukwa siketi yaitali ndi thalauza siziponya mthunzi wofanana. Kolumikizira kwabwino ndi pakhosi ndi pamikono pamene nsalu ikuthera. Onaninso mizere ya matailosi ndi felemu ya chitseko pamene zithunzi ziwirizi zakumana, mzere ukathyoka ndiye kuti foni inasuntha, sunthani malire a masiki apite pamalo opanda mizere.

Ena amatenga njira yachidule yokopera diresi nkulitembenuza ndi Flip Vertical kuti likhale chithunzithunzi cha pansi. Zimatheka pokhapokha ngati matailosi sakuonetsa bwino ndipo mwaika Gaussian Blur yokwanira ndi Opacity yotsika, koma dziwani kuti pansi pamaona diresi kuchokera m'munsi, pamaonetsa kunsi kwa mpendero kumene kamera sikukuona, ndiye pa matailosi onyezimira kwambiri zimagwidwa.

Kumanzere ndi kumanja

Ngati chovala mwachitenga pa chithunzi wamba chimene mnzanu anakujambulani osati cha pagalasi, chiyenera kutembenuzidwa ndi Flip Horizontal musanachimate. M'galasi dzanja lanu lamanzere limaoneka kumanzere kwa chithunzi, pamene pa chithunzi wamba limaoneka kumanja. Ndiye thumba la pachifuwa la shati, limene limakhala kumanzere kwa wovala, pa selefi ya pagalasi liyenera kukhala kumanzere kwa chithunzi. Mabatani nawonso amaulula, shati ya abambo mbali yamanzere imakwera pamwamba pa yamanja, bulauzi ya amayi nthawi zambiri ndi mosemphana, ndipo telala aliyense akaona amadziwa pompo. Zolemba ndiye zosachita kufunsa, mwavala jezi ya Flames dzina likuwerengeka bwinobwino koma kalendala ya pakhoma ndi dzina la kumbuyo kwa foni zili chobwerera, zatha pamenepo. Ngati mukufuna zolemba ziwerengeke, malizani kaye ntchito yonse zili chobwerera kenako tembenuzani chithunzi chonse kamodzi.

Kutembenuzaku kumatembenuzanso kuwala, choncho onani kuti mbali yowala ya chovala ikugwirizana ndi mbali yowala ya nkhope. M'chitsanzo chathu zenera lili kumanzere ndiye kumanzere kwa chithunzi ndiko kowala. Chophweka ndi kuti mnzanuyo aime pamene pali galasi inu muli pa tepi paja, mukatembenuza zonse zimagwera m'malo mwake.

Pa galasi lachiwiri nkhani imasintha. Ngati mukuoneka m'galasi la m'mbali kudzera m'galasi lalikulu, chithunzithunzi chabwezedwa kawiri ndiye zolemba zimawerengeka bwino pamenepo, komanso chimakhala chakudako pang'ono ndi chobiriwirira chifukwa galasi wamba lili ndi kaubiriwiri kamene mumakaona mukaliyang'ana m'mbali mwake. Chimaonetsanso thupi kuchokera mbali ina, ndiye kungokopera diresi la kutsogolo nkulimata pamenepo sikungatheke, pamafunika chithunzi chachiwiri chenicheni chija.

Zimene zili pagalasi penipeni

Fumbi, zidindo za zala, madontho a madzi, sitika, mng'alu, kuwala kwa fulashi, zonsezi zili kutsogolo kwa chithunzithunzi chanu. Mukamata chovala chatsopano pamwamba pake mumazikwirira, ndiye mzere wa nsanza umene unadutsa galasi lonse umabwera kuchokera kukhoma, kufika pa diresi nkusowa, kenako nkutulukiranso mbali inayo. Chosavuta ndi kupukuta galasi musanajambule ndi kuzimitsa fulashi. Ngati zachitika kale, koperani chithunzi choyambirira ndi Ctrl+J, chikwezeni pamwamba pa zonse, pa mndandanda wa Normal uja sankhani Lighten kapena Screen, masiki yakuda, nkutsegula pokhapo pamene pali mzerewo ndi Brush yaing'ono. Ngati chovala chakale chikutulukira nawo, ndi bwino kungofufuta mzere wonsewo ndi kukhoma komwe.

Kumbukiraninso kuti mukaima mita imodzi ndi theka, kwa kamera inu muli pa mamita atatu chifukwa kuwala kwapita pagalasi nkubwerera. Choncho chovala chojambulidwa pafupi chimakhala chakuthwa kuposa nkhope yanu, ulusi uliwonse ukuoneka pamene tsitsi silikuoneka choncho. Chipatseni Gaussian Blur yaing'ono, yambani ndi 0.5 mukuyerekeza ndi khungu la pakhosi, kenako Add Noise ya 1% kapena 2% ngati chithunzi chija chinajambulidwa m'chipinda chamdima ndipo chili ndi timadontho ngati mchenga.

Kuyesa musanatumize

Pali njira ziwiri zoyesera zimene sizidalira maso otopa. Yoyamba, ikani Hue/Saturation ina pamwamba pa zonse, siyani pa Master nkukoka Saturation mpaka +100. Chithunzi chioneka choipa koma buluu aliyense wotsalira afuula, m'mphepete mwa tsitsi, pakati pa zala, pa chogwirira cha wadiropu, pa kava ya foni. Konzani kenako fufutani leya yoyeserayo.

Yachiwiri, ikani chithunzi choyambirira pamwamba nkuchiika pa Difference. Pamene simunasinthe padzakhala pakuda, pamene mwasintha padzawala. Muyenera kuona diresi likuwala, pansi pake pamatailosi pakuwala pang'ono, pa tivi kachigamba, pansi pa chibwano kofooka. Malo amene munawawerenga poyamba paja akakhala akuda bii ndiye kuti simunawakhudze, ndipo pakawala pamalo amene diresi silikanafika ngati pa ndowa ndiye kuti masiki yadontha.

Chomaliza kwa ogulitsafe, tulutsani diresi la maruni lenilenilo m'chikwama muliike pambali pa sikirini pafupi ndi zenera masana, nkusuntha Hue ndi Lightness mpaka zifanane ndi nsaluyo osati ndi maruni amene ali m'mutu mwanu. Sevani fayilo ya maleya payokha kuti mtundu wachitatu mudzangosuntha Hue ndi kupentanso pakhungu, ndipo potumiza pa WhatsApp dinani HD kuti m'mphepete mwa chovala chofiira musaphwanyike timabokosi.